Dzina la pa chikwangwani ndi ngongole

Chikwangwani chathu chinakhala milungu itatu chitatsamira khoma la kuseri kwa nyumba, chopakidwa penti yoyera koma chopanda chilembo ngakhale chimodzi. Mabenchi anali atabwera kale kuchokera kwa kalipentala, lendi ya miyezi itatu tinali titalipira, ndipo ana angapo a Fomu 4 anali atayamba kubwera madzulo kudzaphunzira masamu ndi fizikisi. Chimene chinatikanika ine ndi mnzanga, mphunzitsi wa sayansi amene tinagwirizana zoyambitsa malo a patitaimu m'dera lathu mu Lilongwe, chinali dzina. Mnyamata wolemba zikwangwani anabwera kawiri ndi mabulashi ake n'kubwerera osagwira ntchito, ndipo ulendo wachiwiri anatiuza mosabisa kuti, "Aphunzitsi, anzanu savutika chonchi. Amangoti lemba Ekiselensi, kapena lemba Jiniyasi, ine n'kulemba, iwo n'kundilipira."

Sanali kunama. Aliyense amene wayenda m'matauni athu waona zikwangwani zimenezi pamipanda ndi pamitengo ya magetsi, zodzaza ndi mawu a Chingerezi otanthauza kupambana, nyenyezi, nsonga ya phiri ndi nzeru zoposa za anthu onse. Mnzanga ankafuna kuti nafenso tilowe pamzere womwewo, ndipo maganizo ake anali omveka. Ankati kholo limene likutulutsa ndalama mwezi ndi mwezi, kuwonjezera pa fizi ya kusukulu, likufuna chinthu chimodzi chokha, kuti mwana akhoze, choncho dzina lizinena chinthu chimenecho. Ine ndinkakana, koma masiku oyambirira ndinkalephera kufotokoza chifukwa chake, moti mnzangayo anayamba kundiseka kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chifukwa chake ndinachipeza nditakhala pansi n'kudzifunsa kuti zotsatira za mayeso ndi za yani. Mayeso a Fomu 4 amakonza ndi kuchonga ndi bungwe la MANEB, ndipo amene amalowa m'chipinda cha mayeso ndi mwana, osati mphunzitsi wa patitaimu. Mwana ameneyo amabwera kwa ife maola awiri madzulo, koma tsiku lonse amakhala kusukulu kwake, kumene mwina silabasi sanamalize, ndipo usiku amakhala kunyumba kumene mwina magetsi azima kapena akulera ang'ono ake. Gawo lathu pa giredi imene adzapeze lilipo ndithu, koma ndi gawo chabe. Dzina lolonjeza kupambana likulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwa mwini dzinalo, ndipo lonjezo lotere ndi ngongole imene tsiku lake lobweza limadziwika: tsiku limene zotsatira zatuluka. Chaka chilichonse pamakhala ana amene sizinawayendere, ndipo kholo la mwana wopeza giredi 9, ya kulephera, pa masamu likamadutsa pa chikwangwani cholembedwa kuti pano ndi pa akatswiri opambana, dzinalo limasanduka chipongwe. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo m'dera limene amayi amakumana pa mjigo ndi kumsika tsiku lililonse, mbiri ya kung'ambikako imayenda msanga kuposa chikwangwani.

Palinso china chimene sindinachiganizire mpaka bambo wina, amene anabwera kudzafunsa za mitengo yathu, atachitchula. Anati iwo akaona malo olemba kuti mwana aliyense akhoza mosakayika, amayamba kudzifunsa kuti eni akewo akudziwa bwanji, ndipo yankho limene limawabwerera ndi likasa. Anthu sanaiwale zimene zinachitika mu 2020, pamene mayeso a Fomu 4 anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ana n'kudzalembanso kumayambiriro kwa 2021. Chichokereni nthawi imeneyo, kholo losamala likamva munthu akulumbira kuti zotsatira zili m'thumba mwake, silimva luso la kuphunzitsa lokha ayi. Limamvanso fungo la njira zachidule zimene zingachititse mwana wake kulandidwa zotsatira. Motero dzina lodzitama, m'malo mokopa makolo amene tinkawafuna, likanatha kuthamangitsa iwowo n'kutisiyira ofuna zozizwitsa.

Titagwirizana zosiya mayina a Chingerezi aja, tinaganiza kuti Chichewa chitipulumutsa, koma m'menemo ndi mmene munali ntchito yeniyeni. Vuto, kapena ndinene kukoma kwake, n'lakuti dzina la Chichewa silikhala chete. Mayina athu ambiri ndi ziganizo zathunthu, ndipo tinazolowera kuyambira kale kuti dzina la mwana, la galu, la golosale kapena mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi amakhala akuyankhula ndi munthu wina wake. Munthu akatcha okala yake kuti Muzinena kapena Zilikwanu, aliyense amadziwa kuti pali amene akuwazinga. Khutu la Mmalawi likamva dzina limafunsa lokha kuti akuuza ndani, ndipo funso limenelo ndi limene linagwetsa dzina loyamba limene mnzanga anabweretsa, lakuti Tapambana.

Mneni wakuti kupambana samangotanthauza kuchita bwino. Munthu amapambana mnzake, ndipo ukati tapambana, womva amadikira kuti umalize kuti mwapambana ndani. Pamtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera pamalo athu panali aphunzitsi ena awiri ophunzitsa patitaimu, mmodzi mwa iwo mayi wachikulire amene anaphunzitsa theka la makolo a m'deralo. Kukhoma chikwangwani chakuti Tapambana pafupi ndi mayi ameneyo tisanalembetse mwana ngakhale mmodzi mayeso kukanamveka ngati mwano, ndipo anthu akanatiyesa anyamata odzimva. Komanso mneniyo ali m'nthawi yosonyeza kuti zinthu zachitika kale, pamene ife tinali tisanachite kanthu.

Tinayesa kusintha zilembo ziwiri kuti likhale Tipambane, ndipo kusiyana kwake kunandidabwitsa ngakhale ndine mwini chiyankhulo. Chilembo cha e chakumapetocho chimachotsa kudzitama konse, chifukwa dzina limasiya kulengeza zimene zachitika n'kukhala pempho kapena kuitana, ndipo ti wa kumayambiriro amasiya kuimira eni malo okha n'kuphatikiza mwana ndi kholo. N'chifukwa chake mayina ngati Tiyanjane, Tikondane ndi Tithandizane samveka onyada ngakhale pang'ono. Koma pomwepo panali msampha wina. Mayina a mtundu umenewu anatengedwa kale ndi mabanki a m'mudzi, makalabu a alimi ndi magulu a amayi, kotero kuti titalitchula kwa mayi wina wogulitsa tomato pafupi nafe, anatifunsa ngati tikuyambitsa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Dzinalo linali lofatsa, koma silinanene kuti pano pali mphunzitsi amene amadziwa ntchito yake.

Mayina ena anagwa mofulumira. Chikhulupiriro linamveka ngati la mpingo, ndiponso kudzitcha wokhulupirika kuli ngati munthu wobwereka ndalama amene amayamba n'kunena kuti iye si wakuba. Linalinso ndi vuto la kalembedwe, poti ena amalemba ndi r pamene ena amalemba ndi l, ndiye kholo lolifufuza pa Facebook likhoza kulilemba njira zitatu osalipeza. Tsogolo Lowala linali lokongola, koma lili kale pa sukulu za mkaka, masitolo ndi mabungwe osawerengeka, ndipo dzina limene aliyense ali nalo silikumbukika. Limene ine ndinalikonda kwambiri linali Tibwereze, poganizira kuti ntchito yathu yaikulu ndi kubwereza zimene ana anaphunzira ndi kuyankha mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo. Mtsikana wina wa Fomu 4 ndi amene analipha ndi chiganizo chimodzi. Anati, "Aphunzitsi, anzathu azidzati timapita kwa obwereza." Kwa mwana wa sukulu kubwereza ndi kukhalanso m'kalasi yomweyo chifukwa walephera, ndipo palibe mwana amene angafune kuoneka akulowa pa chipata cholembedwa manyazi ake. Phunziro limeneli ndinalisunga: amene amalipira ndi kholo, koma amene amasenza dzinalo pakati pa anzake ndi mwana, ndipo mwana akachita nalo manyazi amayamba kujomba.

Apa ndi pamene ndinasiya kufunafuna liwu lokoma n'kuyamba kumvetsera mmene makolo amatchulira malo amene amawakhulupirira kale. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankatchula dzina la pa chikwangwani. Ankati mwana wanga amapita kwa mayi aja a Chingerezi kuseri kwa tchalitchi, kapena kwa aphunzitsi a masamu pafupi ndi chigayo. M'mawu amenewa muli zinthu zitatu zokha, munthu, malo ndi phunziro, ndipo zonsezo ndi zinthu zimene kholo lingathe kutsimikiza ndi mapazi ndi maso ake. Likhoza kupita kukaona ngati chigayocho chilipo, likhoza kufunsa anthu ngati mphunzitsiyo amamudziwa, likhoza kutsegula kope la mwana n'kuona ngati masamuwo akuchongedwa. Palibe njira yotsimikizira liwu lakuti Ekiselensi. Chikhulupiriro chimamera pa zimene munthu angazifufuze, ndipo dzina lonena malo likuuza kholo mwakachetechete kuti tili pano, sitikuthawa, mukakhala ndi dandaulo mukudziwa kotipeza. Kwa anthu amene anaonapo malo otere akutsekedwa pakati pa teremu ndalama zitalipidwa kale, uthenga umenewu ndi waukulu kuposa lonjezo la mapointi 6.

Njira yoyamba inali kuika dzina la munthu, ndipo mphamvu yake ndi yoonekeratu, chifukwa woika dzina la makolo ake pa chikwangwani waika chikole chimene sangachithawe. Ife sizinatheke pa zifukwa ziwiri. Tinali awiri, ndipo kusankha dzina la mmodzi kukanabzala mkangano wa mtsogolo. Chachiwiri, malo otchedwa dzina la munthu amakhala ovuta kukula, popeza kholo limene lalipira chifukwa cha dzina lako limafuna kuti iweyo uime pa bolodi, ndipo ukalemba mphunzitsi wina wa bayoloje, ngakhale waluso kukuposa, limaona ngati lapusitsidwa. Mphunzitsi amene akadali pa ntchito kusukulu ina ayeneranso kuganiza kawiri asanakhome dzina lake pamsewu, chifukwa anthu sachedwa kunena kuti amabisa zina m'kalasi kuti akazigulitse madzulo.

Tinatsala ndi malo. Kutsogolo kwa nyumba imene tinachita lendi kunali mkuyu waukulu umene oyendetsa kabaza onse ankaudziwa, ndipo tinasangalala kuti tapeza dzina lalifupi, losavuta kutchula, lokhala ndi mthunzi wa bwalo la kumudzi. Loweruka lina ndinakacheza kwa azakhali anga n'kuwauza monyadira. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Iwe, mwana wa achimwene, sukulu yonseyi unaphunzira ija waiwala mwambi? Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere." Ndinaseka, koma ndinadziwa kuti dzinalo lafera pomwepo. Tsiku loyamba limene kholo lina lingakhumudwe nafe, mwambi umenewo ukanakhala uli chire kudikira, ndipo ukanatimatirira mpaka kalekale. Chichokereni tsiku limenelo, ndimalangiza aliyense kuti dzina alipititse kwa munthu wachikulire ndi kwa mwana wamwano kwambiri m'kalasi, awiriwa alisinthe mmene angathere, chifukwa zimene angapeze iwo m'mphindi zisanu dera lonse lidzazipeza m'sabata imodzi.

Pomaliza tinatenga dzina la kamtsinje kamene kamadutsa kumunsi kwa dera lathu, kamene mlatho wake ndi siteji ya minibasi. Sindilitchula pano, poti cholinga changa si kuitanira malonda. Ndi liwu limodzi la maphatikizo atatu, lilibe l kapena r, silikhudza chipani, mpingo kapena mtundu wa anthu, ndipo munthu akauza wa kabaza dzinalo amafika pafupi ndi khomo lathu popanda kulongosola zambiri. Pansi pake tinalemba zimene timachita m'mawu wamba: maphunziro apadera a masamu, fizikisi ndi kemisitiri, Fomu 3 ndi Fomu 4. Tinakambirana ngati tilembe mzerewu m'Chingerezi, poti makolo ena amaona kuti Chingerezi ndiye chizindikiro cha sukulu yeniyeni, ndipo mayeso enieniwo amalembedwa m'Chingerezi. Tinagwirizana kuti mbali imodzi ya chikwangwani ikhale ya Chichewa, ina ya Chingerezi, koma dzina lenilenilo likhale limodzimodzi.

Mawu amene tinawakana mwadala ndi akuti sukulu, akademe ndi koleji. Liwu lakuti akademe lili ndi kulemera kwake m'dziko muno chifukwa cha sukulu ya Kamuzu Academy ya ku Mtunthama m'boma la Kasungu, imene inatsegulidwa mu 1981, ndipo ambiri amalibwereka pofuna kuti ulemerero umenewo uwagwereko. Koma liwu lotere pa chipinda chimodzi cha mabenchi asanu ndi limodzi limaseketsa, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti limasocheretsa. Kholo likawerenga kuti sukulu, limaganiza kuti malowo ndi ovomerezeka ndi Unduna wa Zamaphunziro ngati sukulu yathunthu, ndiponso kuti mwana angathe kulembetsa ndi kulembera mayeso a MANEB pomwepo. Malo a patitaimu sali choncho. Mwana amalembetsa mayeso kusukulu kwake kapena pa malo ena ovomerezeka ndi MANEB, ndipo kholo limene lamva molakwika likhoza kudzazindikira nthawi yolembetsa itadutsa. Ngozi imeneyi imagwera makamaka amene akulembanso mayeso atachoka kale pa sukulu, omwe ndi ambiri mwa ofuna patitaimu. Dzina likadzikweza ndi liwu limodzi lokha, wolipira mtengo wake akhoza kukhala mwana amene wataya chaka chathunthu.

Funso la mnzanga linali lidakalipo, ndipo linali loyenera kuyankhidwa: nanga zotsatira tizinena pati? Yankho lathu linali lakuti zotsatira zili ndi malo ake pa chikwangwani, koma osati m'dzina, chifukwa dzina limakhala mpaka kalekale pamene zotsatira zimasintha chaka ndi chaka. Tinauza wolemba uja kuti asiye mpata woyera kumunsi, woti tizifufuta ndi kulembanso zotsatira zikatuluka. Chimene tinalimbana nacho ndi kalembedwe ka mzere umenewo, chifukwa manambala nawonso amatha kudzitama kuposa mawu.

Pa mayeso a Fomu 4, giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene anthu amatchula amachokera pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino kwambiri, n'chifukwa chake 6 ndiye mapeto a kukhoza. Wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Tsono tiyerekeze kuti malo ena anaphunzitsa masamu ana 20, ndipo 2 anapeza disitinkishoni, 9 kirediti, 7 anapeza 7 kapena 8, pamene 2 analephera. Mwini malo akhoza kulemba kuti ana 90 pa 100 aliwonse anakhoza, ndipo sananame, koma kholo limene likulota za yunivesite lamva zina, chifukwa amene anafika pa kirediti ndi 11 okha mwa 20. Akafuna kuchenjera kwambiri, angathe kunena kuti awiri olepherawo ankajomba ndiye sakuwawerengera, n'kulemba 100 pa 100. Kholo lodziwa zinthu limafunsa mafunso awiri okha, kuti analemba angati ndipo makirediti ndi angati, ndipo mwini malo akayamba kuzungulira poyankha, nkhani yathera pomwepo.

Ife tinasankha kulemba mmene zilili: chaka, phunziro, chiwerengero cha amene analemba, ndi chiwerengero cha amene anapeza kirediti kapena kuposa. Mzere wakuti mwa ana 20 amene analemba masamu, 11 anapeza kirediti kapena kuposa, suwala ngati 90 pa 100, ndipo mnzanga anadandaula kuti tikudziwotcha tokha. Koma ndaona makolo akuima pa chikwangwani n'kuwerenga mzere wotere kawiri, kenako n'kulowa kudzafunsa za ana amene sanafike pa kirediti, kuti chinavuta n'chiyani. Kucheza kumeneko ndi kumene kumabala kulembetsa, chifukwa kholo limaona kuti likuyankhula ndi munthu amene amawerenga ana ake onse, osati okhoza okha. Mayina ndi zithunzi za ana okhoza sitiika pa chikwangwani kapena pa WhatsApp popanda chilolezo cha mwana ndi kholo lake, ndipo mwana wokhoza bwino ndi mapointi ochepa amene anabwera kwa ife miyezi iwiri yokha sitimutenga ngati chipatso chathu, poti aphunzitsi ake a kusukulu amene anamuumba zaka zinayi amakhala m'dera lomwelo ndipo amawerenga.

Zotsala zinali za m'maofesi, ndipo ndingozidutsa mwachidule. Tisanalembe chikwangwani tinayamba tafufuza ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ngati dzinalo linali lisanatengedwe, chifukwa kupenta kaye n'kudzamva pambuyo pake kuti lili ndi mwini wake ndi kutaya penti ndi mbiri yomwe. Tinaonetsetsanso kuti dzina la pa chikwangwani, la pa lisiti ndi limene limaoneka pa foni kholo likamalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zikugwirizana. Miyezi yoyamba tinkalandira ndalama pa nambala ya mlamu wa mnzanga, ndipo mayi wina anaimitsa kulipira pakati ataona dzina lachilendo pa foni, n'kuyenda wapansi kudzafunsa ngati sakuberedwa. Anachita bwino, ndipo mlandu unali wathu.

Mnyamata wa zikwangwani uja anabwera ulendo wachitatu n'kumaliza ntchito m'maola awiri, akudandaula kuti dzina lalifupi chonchi silimupatsa mpata woonetsa luso. Amabwerabe chaka chilichonse zotsatira zikatuluka, ndi kachitini ka penti yoyera, kudzafufuta mzere wa kumunsi ndi kulemba watsopano, ndipo chaka china chimene manambala anatsika anandifunsa ngati angausiye wa chaka chatha. Ndinamuuza kuti alembe watsopanowo. Ana ambiri satchula n'komwe dzina limene tinalivutikira milungu itatu lija. Ukawafunsa kumene akupita madzulo ndi makope m'manja, amangoti kwa aphunzitsi a masamu, pa mlatho.